Alawansi ya ku Liwonde ndi Thumba la Feteleza

Ku ofesi kwathu sitinkafunsana za malipiro. Aliyense ankadziwa kuti ndi ochepa, ndipo kufunsa kukanakhala ngati kufunsa wodwala malungo ngati thupi likutentha. Funso limene tinkafunsana linali lakuti, "Mwezi uno mwatuluka?" Kutuluka kunali kupita pa ulendo wa ntchito kunja kwa Blantyre n'kukagona konko, chifukwa wogona kunja amalandira alawansi. Amene watuluka ankadziwika pa nkhomaliro: ankadya tchipisi ndi nkhuku ku lesitilanti. Ena tonse tinkatsikira pansi, kwa mayi wa chinangwa chophika.

Ine ndinali wosunga katundu pa bungwe lina lokonza mijigo. Maofesi athu anali pamwamba pa sitolo ina pakati pa tawuni, ndipo kachipinda kanga kanali pansi kuseri, pafupi ndi poimika magalimoto. Ndinkasunga mapaipi, mabawuti ndi timphira ta mijigo. Wosunga katundu satuluka. Katundu ndiye amatuluka, iwe n'kutsala ukumubayibitsa. Timphira timene ndinkasunga tinafika ku Nsanje ndi ku Mwanza, ine mwini wake ndikungodziwa Limbe ndi Chigumula.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Zotsalazo ndinaphunzira m'mabuku akale ogula pansi, kwa anyamata oyala katundu m'mbali mwa msewu. Ndinkawerenga chilichonse chimene mtengo wake wandilola, choncho maphunziro anga ndi osalongosoka ngati katundu wa pa kaunjika. Ndinkadziwa mmene oyendetsa sitima zapamadzi amapezera njira poyang'ana nyenyezi. Ndinkadziwa matenda a nkhosa za kumayiko ozizira. Mmene alawansi imayendera, zimene ngakhale mesenjala wathu ankazidziwa, ndinkangozimvera m'makonde.

Chaka chimenecho, chakumapeto kwa Novembala, dzina langa linatuluka. Amene ankatipatsa thandizo anafuna kuti osunga katundu a nthambi zonse akaphunzitsidwe kasungidwe katsopano, ku Liwonde, mausiku asanu. Ndinakwera masitepe kupita ku akaunti ndikupuma ngati ndikukwera Ndirande.

Amayi a ku akaunti anali munthu wosakonda kuseka, koma osati woipa mtima. Anali atangotopa ndi ife. Anawerenga ndalamazo kawiri, n'kuziika patsogolo panga dzanja lawo likadali pamwamba pake.

"Mwaona, abambo, ndi mausiku asanu. Timawerenga usiku, osati tsiku. Tsiku lobwerera mulibe kanthu chifukwa mugona kwanu."

"Ndamva, amayi."

"Ndipo iyi ndi adivansi. Mpaka mutakagona, n'kubwera ndi pepala losainidwa kuti munalipo tsiku lililonse, imeneyi ndi ngongole. Mwamva?"

"Ndamva."

Ndinamva ndi makutu okha. Maso anali pa ndalama. Mausiku asanu aja ataunjikana ankatsala pang'ono kufanana ndi malipiro anga a mwezi wathunthu, ndipo munthu ukaona zotero mawu akuti ngongole amamveka ngati akunenedwa kwa wina amene waima kumbuyo kwako.

Kunyumba tinkakhala ku Chigumula, m'nyumba ya lendi. Eni nyumba anatilola kulima kamunda kotsetsereka kuseri kwake, kuyambira pa bafa kutsikira ku mtengo wa mapeyala. Kamundako kanali ka akazi anga. Ndi iwo amene ankagalauza, kubzala ndi kupalira. Ine ndinkathandiza Loweruka ndi malangizo a m'mabuku, amene sankawafuna. Chimanga cha m'menemo chikachita bwino chinkatifikitsa mwezi wa Okutobala tisanagule ufa. Chaka chimenecho feteleza wokulitsa anali atathira kale, wogula ndi ndalama za mandasi awo. Chimanga chinali chitamera bwino. Chimene chinkasowa ndi wobereketsa, ndipo mtengo wake unkakwera sabata iliyonse.

Ndinayala ndalama zija pa tebulo ngati munthu wobwera ku Joni.

"Mwaba kuti?" anafunsa motero.

"Ndikutuluka, amayi ake. Ku Liwonde."

"Inuyo? Akufuna mukawawerengere chiyani?"

Ndinawafotokozera masamu amene aliyense wa mu ofesi amawadziwa. Alawansi ukalandira, palibe amene amakufunsa kuti unagona pati kapena unadya chiyani. Ndalamayo amaiwerengera ngati ukagona pa loji yabwino. Koma iwe ukapeza resitihausi ya kuseri kwa msika, ya ndowa ndi kandulo, n'kumadya za m'mbali mwa msewu, ndalama ya mausiku awiri ikukwanira sabata yonse. Ya mausiku atatu yotsalayo ndi yako. Anzathu anamangira nyumba ku Manja ndi ku Bangwe ndi njira imeneyi, njerwa iliyonse ndi usiku wa nsikidzi.

"Ndiye kuti mausiku atatuwo ndi thumba la feteleza," anatero akazi anga, amene masamu awo sachedwa.

"Ndikabwerako tigula."

"Mukabwerako mtengo ukhala utakwera, kapena akhala atatha. Ndalama ndi yomweyi, kaya mugule lero kaya mawa."

Sindingawanamizire kuti anandikakamiza. Ndinali nditaganiza kale zomwezo m'minibasi. Ndipo sindinali woyamba: ku ofesi kwathu alawansi inkadyedwa munthu asananyamuke, ena ankaidya dzina lawo lisanatuluke n'komwe. Loweruka tinapita ku Limbe, ku sitolo ya bambo wina wachimwenye wogulitsa zipangizo za ulimi, n'kugula thumba limodzi la wobereketsa. Tinaliimika pakona m'chipinda chogona, pamwamba pa njerwa ziwiri kuti lisakoke chinyezi. Ndalama ya mausiku awiri yotsalayo ndinaiika m'kati mwa dikishonale yanga yopanda chikuto, poti m'nyumba monse munalibe wina amene ankaitsegula.

Lolemba ndinafika ku ofesi ndi chikwama, nditavala jekete la ukwati. Ndinapeza adalaivala athu akutsuka galimoto mosafulumira. Anali bambo wachikulire wa cha ku Mpingwe, amene anali atagona m'maboma onse a dziko lino ndipo analibe nalo chidwi lililonse.

"Achimwene, chikwamacho kasiyeni m'sitolo mwanu," anatero. "Ulendo wasunthidwa. Mphunzitsi wake sanabwere."

"Mpaka liti?"

"Akuti sabata yamawa. Koma sabata yamawa ya pano ndi yaitali."

Ndinabwerera ku Chigumula madzulo ndi chikwama changa. Vuto ndi lakuti m'mawa anthu anali atandiona nacho. Kwathuko munthu wa mu ofesi akanyamula chikwama, ana omwe amadziwa kuti m'nyumbamo mwalowa alawansi, ndipo kubwerera tsiku lomwelo sikusintha kanthu. Tsiku lotsatira kunagwa maliro kwa aneba, ndipo chipepeso cha munthu wa chikwama sichingafanane ndi cha wogulitsa makala. Kenako nsapato ya mwana wamkulu inatseguka kukamwa. Kenako mlamu wanga anadutsa kudzationa, ndipo mlamu sabwerera wapansi. Nthawi iliyonse ndinkatsegula dikishonale, n'kudziuza kuti ku Liwonde ndikadya pang'ono. Pofika kumapeto kwa sabata yachiwiri ndinali nditadzilonjeza kusala kudya kwa masiku amene ngakhale aneneri sanafikepo. M'dikishonale munatsala ya usiku umodzi ndi timakobidi tochepa.

Mvula nayo inali itasunthidwa. Itagwa yobzalira ndi ina yotsatira, kunabwera ng'amba. Feteleza wobereketsa sathira pa dothi louma, amangouluka kapena kuwotcha chimanga, choncho thumba lija linangokhala pakona, losatsegula, likudikira mitambo monga ine ndinkadikirira mphunzitsi. M'mawa uliwonse akazi anga ankayang'ana kumwamba cha ku Thyolo, ine n'kumayang'ana pa bolodi la ku ofesi.

Lolemba la sabata yachitatu amayi a ku akaunti anandiitanitsa.

"Ulendo wanu ulipo, Lolemba likubwerali," anatero. "Koma asintha. Ndi fulubodi."

Mawuwo ndinali nditawamvapo m'makonde, akutchulidwa ngati dzina la matenda. Fulubodi ndiye kuti eni thandizo alipira okha hotela, malo ogona ndi chakudya chonse, ndipo wopita kumaphunziro salandira alawansi ya usiku. Sungalandire ndalama ya bedi pamene bedi lalipiridwa kale.

"Ndiye ndalama ija, amayi?"

"Ibwerere. Mungochotsapo ya sopo, kandalama kochepa kamene amapereka pa usiku uliwonse ka zofunika zing'onozing'ono. Imeneyo ndi yanu, musabweze. Zotsalazo ndizifuna pofika Lachisanu."

Ya sopo ya mausiku onse asanu siinkakwana ngakhale alawansi ya usiku umodzi. Ndinachotsera m'mutu, ndinaphatikiza za m'dikishonale, ndipo chimene chinkaperewera chinali ndendende chija chinaima pakona pa njerwa ziwiri.

"Nanga Lachisanu likadutsa?"

"Malipiro a Disembala timatseka msanga. Chimene simunabweze ndidula konko, kamodzi."

"Simungadule pang'onopang'ono? Miyezi itatu?"

"Abambo, imeneyo si ngongole ya nyumba. Ndi ndalama ya eni thandizo, ndipo chaka chikutha, akufuna mabuku awo atsekedwe." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Mwadya zingati?"

"Sindinadye, amayi. Ndinagula feteleza."

"Onse amene akhala pa mpando umenewo lero sanadye. Wina wagula malata, wina walipira fizi. Ine ndinanena kuti ndi ngongole. Kapena ndinalankhula Chigiriki?"

Chigiriki ndinali nditawerengako zilembo zake m'buku lina, koma ndinaona kuti si nthawi yake yonena zimenezo.

Akanadula mausiku atatu pa malipiro a Disembala, lendi ikanalephereka. Eni nyumba athu anali munthu wopemphera kwambiri koma wosadikira, ndipo amene wachotsedwa m'nyumba amasiyanso munda ndi chimanga chake chili chiimire. Choncho nkhani inali pa thumba lija: libwerere kumene linachokera kuti tisunge nyumba, kapena likhale kuti chimanga chibereke.

Akazi anga anamvetsera osandidula mawu. Kenako anati, "Mukufuna kulitenga."

"Ndikufuna ndikayese kulibweza."

"Tengani. Ndi la ku ofesi kwanu." Anatuluka kukaona mandasi pamoto.

Lachiwiri m'mamawa ndinalikweza pa njinga ya kabaza mpaka pa msewu. Kondakitala wa minibasi analiyang'ana n'kunena kuti, "Madala, mlendo wanuyu alipira mpando."

"Ndi katundu, achimwene. Alowa pansi pa mpando."

"Pansi pa mpando pali nkhuku za amayiwa. Mukufuna zidye feteleza zibereke zisanafike ku Limbe?"

Anthu anaseka, ine ndinalipira mipando iwiri.

Mwini sitolo uja anali wobadwira ku Limbe konko, monganso bambo ake, ndipo Chinyanja chake chinali chakale, chosasakaniza ngati chathu. Anandimvetsera bwinobwino, anaona lisiti, anaona thumba.

"Bambo, ndikukumbukani. Munabwera ndi amayi, anatsitsa mtengo mpaka ndinamva mutu. Koma feteleza akatuluka pakhomo apa sabwerera."

"Sindinalitsegule, abwana. Onani ulusi wake."

"Ndikuona. Ndipo inu ndikukukhulupirirani. Koma amene adzagule mawa sakudziwani. Masiku ano anthu amasoka ulusi bwino kuposa fakitale, m'kati ataikamo mchenga. Thumba limodzi lotere likatuluka m'sitolo mwanga, mbiri ifika ku Thyolo ine ndisanatseke." Anandibwezera lisiti ndi manja awiri. "Ndi alawansi, eti?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Sabata ino ndinu wachitatu. Wina anabwera ndi wilibala."

Kunja, anyamata ogula ndi kugulitsa anali atandizungulira kale. Amamva fungo la munthu wopanikizika ngati ntchentche pa usipa. "Bigi, tikupatseni kashi pompano." Mtengo umene anatchula unali wa mausiku awiri, pa thumba limene ndinagula ndi atatu, pamene m'sitolo linali litakweranso. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali dzanja lili pa thumba, ngati ndikuliteteza kwa agalu. Kenako ndinalikwezanso minibasi, mipando iwiri, kubwerera ku Chigumula. Thumba limenelo linayenda maulendo ambiri chaka chimenecho kuposa mwini wake.

Akazi anga ataona njinga ikulowa nalo, anangokonza njerwa zija.

Ku ofesi ndinafika mochedwa, ndipo Lachitatu ndinali nditaganiza zopita ku Manja, kwa bambo wina wa katapila amene theka la ofesi yathu linkamudziwa. Ndinafunsa adalaivala aja njira yake, poti ndinkadziwa kuti anaperekezako anthu. Anali atakhala pa khonde la kachipinda kanga akumwa tiyi wa m'botolo.

"Mukufuna mukatenge zingati?"

"Za mausiku atatu."

"Ndipo kumapeto kwa mwezi mukabweza za anayi ndi theka. Kuchokera pa malipiro omwewo amene mukuwateteza." Anapukusa mutu. "Achimwene, mabuku onse aja mumawerenga, mulibe la masamu?"

"Linalipo, koma linalibe masamba akumapeto."

"Amayi aja akadula, adula zomwe mwatenga basi, saikapo chiwongoladzanja. Wa katapila adula ndi nyama yomwe. Ngati n'kudulidwa, dulidwani ndi ofesi." Anamwa tiyi. "Komanso sikuti mubweze zonse kapena musabweze konse. Chilichonse chimene mungapeze pofika Lachisanu kaperekeni, adule chotsalacho. Ndipo mukapereka, musachoke pa windo paja opanda lisiti. Ine anandidulapo ndalama imene ndinabweza kale, chifukwa amene ndinamupatsa anali atasiya ntchito."

"Inu simudyeratu alawansi?"

"Ndinkadyeratu. Ndinasiya chaka chimene tinanyamuka ulendo wa mausiku asanu ndi awiri, mlatho n'kukokoloka titagona umodzi. Tinabwerera, ndipo asanu ndi umodzi anawafuna. Tsopano ndikalandira ndimafunsa kaye kuti bedi alipira ndani, kenako ndimapatsa mayi a kunyumba atsekere m'sutikesi, ndimatengako ya usiku umene ndikukagona. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene. Wapachala ndi wa mphepo."

"Wangayu anali m'thumba."

"M'thumba mwanu, koma dzina la eni ake."

Sindinapite ku Manja. Madzulo ndinafotokozera akazi anga zimene adalaivala ananena, kuti tikhoza kubweza mbali ina. Anali akusenda mbatata.

"Lendi ikufuna kuti pa malipiro patsale zingati?"

Ndinawauza. Akanadula usiku umodzi ndi theka, lendi ikanakwana, ngakhale Khirisimasi ikanakhala ya masamba a maungu.

"Ndiye kuti theka la thumba," anatero. Anaika mpeni pansi, analowa kuchipinda, ndipo ndinamva ulusi wa thumba lija ukuduka.

Ku Chigumula anthu ambiri amalima timinda ta kuseri kwa nyumba, ndipo sangagule thumba lathunthu. Amagula feteleza wa pambale, ku msika, kumene sadziwa ngati ndi weniweni. Akazi anga anatuma uthenga kwa amayi anzawo a kumpingo ndi a kumjigo kuti kwathu kuli wobereketsa wa m'sitolo, thumba lotsegulidwa anthu akuona. Lachinayi m'mawa ndikunyamuka, pakhonde panali kale amayi atatu ndi majumbo awo. Muyezo unali kambale kathu ka ndiwo, kosefukira pang'ono kwa amene ankawakonda, kosalaza ndi chala kwa ena.

"Amayi ake mwana, mundiyezereko ziwiri, ndidzapereka pakutha pa mwezi," anatero mayi wina wa kuseri kwa tchalitchi.

"Asisi, pakutha pa mwezi ndi pamene pativuta ifenso. Lero ndi kashi."

"Koma abambo akunyumba kuno si aja anatuluka?"

"Anatuluka, anakafika pa siteji."

Ndinamva akuseka ndikutsika njira. Sindinakwiye. Zinali zoona.

Pobwera madzulo ndinapeza thumba litafika m'chiuno, litamangidwa ndi chingwe, ndalama zili m'kansalu pa tebulo. Zinaposa pang'ono theka la mtengo umene tinagulira, poti wa pambale amadula, koma phindu lakelo linali litapita kale ndi mipando ya minibasi. Akazi anga anakhala pa mpando manja ali oyera ndi fumbi la feteleza.

"Chaka chino chimanga changa chibereka m'minda ya anthu," anatero. Sanalankhule mokalipa. Anangonena monga munthu amanenera kuti kunja kwachita mitambo.

Lachisanu ndinakwera masitepe ndi ndalama za m'kansalu ndi za m'dikishonale. Zinali zamapepala ang'onoang'ono, zofewa, zonunkha mandasi ndi utsi. Amayi a ku akaunti anaziwongola imodziimodzi osadandaula.

"Zaperewera usiku umodzi ndi theka. Ndidula pa Disembala."

"Dulani, amayi. Koma mundipatse lisiti ya zimene ndaperekazi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwayamba kuphunzira." Analemba, anadinda. "Ndipo mukabwerako, pepala la masaini lifike kuno sabata isanathe. Mukachedwa, ya sopo ija ndiifunanso."

Ku Liwonde ndinapita. Anatigoneka pa hotela ya makatani olemera ndi madzi otentha a m'paipi. M'mawa kunali mazira, masoseji, phala la mitundu iwiri, pa teni koloko tiyi ndi masamusa, masana nyama, madzulo nyama. Sindinadyepo chonchi chibadwire, ndipo sindinadyepo ndi mtima wolemera chonchi. Tonse osunga katundu tinkadya mwakachetechete, aliyense akuwerengera m'mutu kuti mbale imene ili patsogolo pake ikanagula chiyani kwawo. Mnzanga wa ku Mwanza anayesa kufunsa woperekera zakudya ngati angadumphe chakudya chamadzulo kuti amupatse ndalama yake. Anamuyankha mwaulemu kuti sizitheka. Wina anamwa zoziziritsa kukhosi za m'kafiriji ka m'chipinda akuganiza kuti nazonso ndi fulubodi, ndipo tsiku lonyamuka ya sopo yake yonse inatsala pa kauntala. Ine kafirijiko ndinali nditawerenga kapepala ka pachitseko chake. Kuwerenga chilichonse kunandithandizako kamodzi.

Usiku wachitatu mvula inagwa, yamphamvu, ndipo m'mawa wake ndinaimbira kunyumba pa foni ya aneba. Kunagwanso ku Chigumula.

"Mwathira?"

"Ndathira."

"Wakwana pati?"

"Mudzaona."

Ndinabwerako Loweruka ndi chikwama chopepuka. Mwana wamng'ono anachitsegula pakhomo pomwe, poti bambo wobwera ku ulendo amabwera ndi kanthu. Anapezamo timasopo ta ku hotela, cholembera, ndi satifiketi yonena kuti ndikudziwa kusunga katundu. Malipiro a Disembala anabwera odulidwa monga ananenera. Lendi tinalipira. Lolemba lake pepala la masaini ndinakapereka ndisanatsegule n'komwe kachipinda kanga.

Ndinkayembekeza kuti akazi anga anamwaza theka lija mochepa m'munda wonse, phando lililonse kapang'ono. Sanatero. Anati chimanga chodya theka sichibereka theka, chimangonyenga ndi masamba. Anayambira kumunsi, ku mtengo wa mapeyala kumene dothi limasunga chinyezi, n'kumathira muyezo wokwanira phando ndi phando, mzere ndi mzere, kukwera mtunda mpaka thumba linatha.

Mu Febuluwale malire ake ankaoneka ngakhale uli pa msewu. Kumunsi chimanga chinali chobiriwira mpaka kuda, chachitali kundiposa, chili ndi ana awiriawiri. Kumtunda, kuyambira pakati mpaka pa bafa, chinali chachikasu, chofika m'chifuwa, ngayaye zitatuluka msanga pa mapesi owonda ngati miyendo ya adokowe. Panalibe kusintha kwapang'onopang'ono. Mzere uwu wadya, wotsatira sunadye. Ndipo uku ndi uku, kuseri kwa mipanda ya aneba, timagawo tobiriwira ta pambale tinkaoneka m'minda yachikasu.

Loweruka lina ndinaima pa malirepo ndi khasu, ndikuyerekeza kupalira. Eni nyumba anadutsa, anaima, anayang'ana kumunsi ndi kumtunda.

"Kodi apa munabzala mbewu ziwiri?"

"Imodzi, abambo," anayankha akazi anga ali chowerama, osadzutsa mutu. "Kumunsiku ndi kwanga. Kumtundaku ndi kwa ku ofesi."

Ufa wa m'munda chaka chimenecho unatha mu Julaye.